Masamba 14, mutu umodzi, ndi mtengo wakale wa kachewere umene unakana kuchoka pa Google

Bambo wina wogula mbatata zokagulitsa ku Blantyre anafika pa Lizulu m'mawa wachisanu, lole ataipanga kale hayala. Anapita kwa wapampando wa gulu lina la alimi a ku Tsangano, natchula mtengo wa thumba umene anabwera nawo. Wapampando anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

"Achimwene, mtengo umenewo mwautenga kuti? Umenewo ndi wa chaka chatha, nthawi yokolola."

"Bambo, ndautenga pa webusaiti yanu yomwe. Onani."

Pafoni panali tsamba la gululo, mutu wake uli "Mitengo ya kachewere ku Lizulu". Silinali labodza. Linali lakale ndi miyezi 11. Mtengo wa mwezi umenewo unalipo pa webusaitiyo, pa tsamba lina la mutu womwewo, koma Google inali kuonetsa lakalelo. Mnyamata amene amasamalira webusaitiyi atafunsidwa anayankha kuti, "Koma bwana, ndinaika kanonikolo." Anaikadi. Kanonikolo ndi tagi, mzere wouza Google tsamba lenileni pakati pa masamba ofanana. Nkhani yagona pa chifukwa chimene tagiyo sinagwirire ntchito.

## Masamba 14 aja anabadwa bwanji

Webusaitiyo ndi ya WordPress. Mwezi uliwonse mlembi wa gulu ankatsegula nkhani yatsopano, n'kulemba mutu womwe uja, n'kuika mitengo. WordPress silola nkhani ziwiri kukhala pa adilesi imodzi, choncho ikaona mutu wobwereza imangowonjezera nambala kumapeto. Yoyamba inali `/mitengo-ya-kachewere/`, yachiwiri `/mitengo-ya-kachewere-2/`, mpaka kufika `-14`. Onse anali ndi `<title>` wofanana, ndipo palibe ndi limodzi lomwe linatchula mwezi kapena chaka m'mutu.

Pamwamba pa izi, tsamba lililonse linkatseguka pa `http://` ndi pa `https://` pomwe, chifukwa satifiketi ya chitetezo inaikidwa koma palibe anauza seva kuti izitumiza anthu ku adilesi yotetezeka. Linki ikadinidwa pa Facebook imabwera ndi mchira wa `?fbclid=`, ndipo mnyamata uja ankamata `?utm_source=whatsapp` pa malinki otumiza m'magulu a ogula. Kwa munthu, zonsezi ndi tsamba limodzi. Kwa Google, chilembo chimodzi chikasiyana ndiye kuti adilesi ndi ina, kufikira itayendera zonse n'kuona kuti zamkati n'zofanana.

Apa pali matenda awiri, ndipo ambiri amawasokoneza chifukwa zizindikiro zake zimafanana. Oyamba ndi tsamba limodzi lokhala ndi maadilesi ambiri. Achiwiri ndi masamba osiyana amene avala mutu umodzi, n'kumalimbirana funso limodzi la wofufuza. Tagi ya kanonikolo inapangidwira matenda oyambawo.

## Chimene chimagawanika kwenikweni

Google silanga webusaiti chifukwa chongokhala ndi masamba obwereza. Chimachitika n'chakuti mphamvu imamwazika. Munthu akaika linki yoloza kwa inu, amaloza adilesi imodzi, osati webusaiti yonse, ndipo ulemu wa linkiyo, pamodzi ndi mawu amene anailembera, umakhala pa adilesi imeneyo.

Gulu lija linali ndi malinki 9 ochokera ku mawebusaiti ena. Mwa amenewa, 4 ankaloza tsamba lachitatu, chifukwa ndi limene linalipo pamene nkhani ya gululi inamveka. Awiri ankaloza lachisanu ndi chiwiri, otsalawo atatu anali limodzilimodzi pa masamba ena atatu. Tsamba la mwezi uno, lokhala ndi mtengo woona, linalibe ngakhale imodzi. Ndiye munthu akalemba "mitengo ya kachewere Lizulu", Google inali ndi masamba 14 oyankha funso lomwelo ndi mutu womwewo, ndipo umboni wochuluka unali pa lachitatu. Silinachite kuba malowo.

Kuwerenga kwa Google sikophweka ngati kuwonkhetsa 4 ndi 2, popeza linki imodzi ya webusaiti yodalirika ikhoza kuposa khumi zachabechabe. Komabe chithunzi chake n'chomwecho: wina amene ali ndi malinki 6 onse pa tsamba limodzi amakupitirirani inu wa 9 omwazika. Onjezaninso kuti kuyambira 2019 Google nthawi zambiri sionetsa zotsatira zoposa ziwiri za webusaiti imodzi pamwamba pa mndandanda. Masamba 14 sakupatsani mipando 14. Amangopikisana okhaokha pa mpando umodzi kapena iwiri.

Mutu pawokha si umene umagawa malinki. Ntchito ya mutu ndi kuuza Google ndi wowerenga kuti tsamba ili likusiyana bwanji ndi linzake. Ukafanana, umboni wosiyanitsa umasowa, ndipo wogula wa ku Blantyre alibe podziwira kuti akudina chakale. Nthawi zina Google imachita kulemba yokha mutu wina m'zotsatira, kuutenga pa `<h1>`, mutu waukulu wooneka m'kati mwa tsamba, kapena pa mawu a malinki, makamaka chisinthireni kachitidwe kake mu Ogasiti 2021. Koma musadalire zimenezo, chifukwa `<h1>` yake nayonso imakhala yofanana.

## Tagiyo ndi pempho

Google, Yahoo ndi Microsoft analengeza pamodzi `rel="canonical"` mu Febuluwale 2009. Ndi mzere umodzi woikidwa m'kati mwa `<head>`, chigawo cha tsamba chimene wowerenga sachiona:

```html
<link rel="canonical" href="https://example.com/mitengo-ya-kachewere/">
```

Mzerewu umati: tsamba lino ndi kope chabe, lenileni ndi ilo, ulemu wonse upite kumeneko. Google imayamba yaunjika pamodzi maadilesi amene ikuona kuti zamkati mwake n'zofanana, kenako imasankha imodzi yoimira gulu lonselo. Tagi yanu imalowa pa kusankhako, ndipo liwu lake ndi lamphamvu. Koma si lamulo. Imamvedwa limodzi ndi maumboni ena: kumene seva ikutumiza anthu, adilesi imene ili mu `sitemap.xml`, fayilo ya mndandanda wa maadilesi a webusaiti, adilesi imene malinki a m'kati mwa webusaiti yanu akuloza, komanso ngati ili ya `https`.

Pa mchira wa `?fbclid=` ndi `?utm_source=` tagiyi imagwira bwino kwambiri, chifukwa zamkati n'zofanana chilembo ndi chilembo. Tsamba lililonse likamadzitchula lokha ngati kanonikolo, ndi adilesi yoyera yopanda mchira, makope onse amabadwa akuloza kale kwawo. WordPress imachita izi yokha pa nkhani ndi masamba, ndipo mapulagini monga Yoast SEO amafikitsa ntchitoyi ku zigawo zina.

Mnyamata uja anachita china. Analowa m'masamba 13 akale, n'kuika kanonikolo yoloza ku `-14`. Poganiza zimamveka. Koma masambawo sanali makope: mitengo inali yosiyana, lina linali ndi ndime yaitali ya chiwawu chimene chinagwira mbewu nthawi ya mvula, lina linkafotokoza za kukwera kwa mtengo wa mayendedwe. Google ikaona kuti zamkati zikusiyana kwambiri, ikhoza kunyalanyaza tagiyo. Chinanso, webusaiti yomweyo inkadzitsutsa. Menyu ya pamwamba inali ikulozabe `-3`, chifukwa anaiika kalekale n'kuiwala, ndipo masamba onse 14 anali mu `sitemap.xml` ngati odziimira paokha. Pakamwa pankati 14, zala zikuloza 3.

Ngakhale zikanatheka, njirayi ili ndi bowo. Mwezi wamawa kubwera `-15`, ndiye muyenera kusinthanso matagi 14. Mukasintha la `-14` lokha, mwapanga unyolo: 3 akuloza 14, 14 akuloza 15. Unyolo wotere umafooketsa pempho lanu.

## Kuyeza musanapereke mankhwala

Poyambira ndi pa Google pomwepo, ngakhale pafoni:

```
site:example.com intitle:"mitengo ya kachewere"
```

Izi zimaonetsa masamba a webusaiti yanu amene ali ndi mawuwo m'mutu. Chiwerengero chake sichikhala cholondola ndendende, koma mukaona mzere wa mitu yofanana mwadziwa kale kuti pali mpikisano wa pachiweniweni.

Umboni weniweni uli mu Search Console, chida cha Google choonetsa mwini webusaiti mmene masamba ake akuonekera m'zotsatira. Tsegulani `Performance`, sefani ndi funso limodzi pa `Query`, kenako dinani `Pages`. Webusaiti yathanzi imaonetsa tsamba limodzi likutenga pafupifupi zonse. Ya gulu lija inaonetsa masamba asanu akugawana funso limodzi, ndipo poyang'ana sabata ndi sabata ankasinthana: lero lachitatu, sabata yamawa lachisanu ndi chiwiri, kenako lachitatu kachiwiri. Kusinthanasinthana kumeneku ndiko chizindikiro chodalirika kuposa zonse. Lipotili limasunga miyezi 16, choncho mukhoza kuona pamene vuto linayambira. Dziwaninso kuti ziwerengero zimalembedwa pa adilesi imene Google yasankha ngati kanonikolo. Tsamba likaoneka ngati lafa mwadzidzidzi, mwina silinafe, langomezedwa ndi linzake.

Kenako ikani adilesi imodziimodzi mu `URL Inspection`, muwerenge mizere iwiri: `User-declared canonical` ndi `Google-selected canonical`. Woyamba ndi zimene munapempha, wachiwiri ndi zimene Google yachita. Pa tsamba lachitatu lija, woyamba unali kutchula `-14`, pamene wachiwiri unati `Inspected URL`, kutanthauza kuti Google yasankha tsamba lomwelo, pempho lakanidwa. Apa ndi pamene mnyamata uja anasiya kutsutsa.

Mu lipoti la `Page indexing` muli mawu atatu oyenera kuwasiyanitsa. `Alternate page with proper canonical tag` si vuto ayi, ndiye kuti tagi yamveka, ndipo musataye bandulo yanu kulikonza. `Duplicate without user-selected canonical` akutanthauza kuti Google yapeza makope, inu simunanene kanthu, ndiye yasankha yokha. `Duplicate, Google chose different canonical than user` ndi amene amafuna kukhalira pansi, chifukwa munanena koma simunamvedwe.

Chomaliza, onani zimene seva ikutulutsa, osati zimene pulagini ikukuuzani, pogwiritsa ntchito `curl`, pulogalamu yofunsa seva mwachindunji:

```
curl -s https://example.com/mitengo-ya-kachewere-3/ | grep -i canonical
curl -I http://example.com/mitengo-ya-kachewere/
```

Lamulo loyamba liyenera kutulutsa tagi imodzi yokha. Zikatuluka ziwiri zoloza kosiyana, imodzi ya pulagini ina yolembedwa pamanja m'chikopa cha webusaiti, Google ikhoza kutaya zonse ziwiri. Lachiwiri liyenera kuyankha `301`, nambala yonena kuti tsamba lasamukira kwina mpaka kalekale, ndi `Location` ya `https`. Likayankha `200`, kutanthauza kuti tsamba latseguka pomwepo, muli ndi webusaiti ziwiri. Wopanda `curl` adine `Ctrl+U` pakompyuta n'kufufuza mawu oti `canonical`.

## Mankhwala amene anayenera gululi

Funso lofunsa pa tsamba lililonse ndi ili: kodi pali munthu amene akufunikabe kutsegula adilesi imeneyi payokha? Ngati alipo ndipo zamkati ndi kope, ikani kanonikolo. Ngati palibe, tumizani ndi 301. Ngati alipo koma zamkati n'zosiyana, tsambalo likufuna mutu wakewake, osati tagi.

Pa masamba 14 aja, 12 analibe wowafuna. Palibe wogula amafufuza mtengo wa miyezi 11 yapitayo, ndipo amene akufuna kuona mmene mitengo imayendera pachaka amathandizika bwino ndi tebulo limodzi kusiyana ndi kutsegula masamba khumi pa netiweki ya ku Tsangano. Choncho njira ndi tsamba limodzi lokhazikika pa `/mitengo-ya-kachewere/`, mtengo wa lero pamwamba, tsiku limene wasinthidwa likuoneka poyera, mitengo yakale m'tebulo pansi. Ena angasankhe kusunga `-3` poti ndi limene lili ndi malinki ambiri. Ine ndimakonda adilesi yopanda nambala, chifukwa 301 imasamutsa ulemuwo, pamene adilesi yonyansa mukhala nayo zaka zonse.

Masamba awiri anali ndi nkhani yawoyawo imene inabisika pansi pa mutu wa mitengo. Lina linali la chiwawu, lina la mbewu: kusiyana kwa mtengo wa Rosita ndi Violet kwa amene akufuna yobzala. Wofuna mbewu ndi wofuna mbatata yokazinga tchipisi ndi anthu awiri osiyana, amalembanso mawu osiyana pa Google. Amenewa amafuna adilesi ndi mitu yatsopano, monga "Mtengo wa mbewu ya kachewere: Rosita ndi Violet". Mawu osiyanitsa aziyamba, chifukwa pafoni mutu wautali umadulidwa kumapeto. Mitu iwiri yosiyana pa mawu omaliza okha imaoneka yofanana kwa wowerenga.

Dongosolo la ntchito lili ndi kanthu. Yambani mwakopera zonse zofunika kulowa m'tsamba lokhazikika, chifukwa mukatumiza musanakopere simudzathanso kutsegula akalewo mosavuta. Kenako samutsani awiri aja, aliyense ndi 301 yake. Mukatero ndiye muike lamulo la otsalawo. Pa seva ya Apache, mu fayilo ya malamulo a seva ya `.htaccess`, pamwamba pa `# BEGIN WordPress`:

```apache
Redirect 301 /mitengo-ya-kachewere-5/ https://example.com/mtengo-wa-mbewu-ya-kachewere/
Redirect 301 /mitengo-ya-kachewere-9/ https://example.com/chiwawu-pa-kachewere/
RedirectMatch 301 ^/mitengo-ya-kachewere-[0-9]+/?$ https://example.com/mitengo-ya-kachewere/
```

Mizere iwiri yoyambayo ikhale pamwamba, apo ayi wachitatu uwameza. Poyesa gwiritsani ntchito `curl -I`, osati bulauza, chifukwa bulauza imasunga 301 m'mutu mwake ndipo ikhoza kukunamizani kuti cholakwa chimene mwakonza chikadalipo. Onetsetsani kuti `http://` ya tsamba lakale ikufika kwawo mwachidule, osati kudumpha katatu kapena kanayi.

Zikatha izi, tsekani pakamwa pa mboni zotsutsa. Sinthani linki ya m'menyu, fufuzani m'nkhani zina malinki oloza ku manambala aja, chotsani nkhani zakalezo kuti zituluke mu `sitemap.xml`, ndipo tsamba lokhazikika lidzitchule lokha ngati kanonikolo. Pomaliza dinani `Request indexing` pa tsambalo. Kusintha sikuoneka tsiku lomwelo. Google iyenera kuyenderanso adilesi iliyonse yakale kuti ione 301, ndipo pa webusaiti yaing'ono zimatenga masiku kapena masabata. Ma 301 amenewa asachotsedwe chaka chisanathe, ndipo ngati sakukupwetekani asiyeni mpaka kalekale, poti malinki a m'magulu a WhatsApp safa.

## Njira zachidule zimene zimapha

Pali mankhwala awiri amene amaoneka ofulumira. Oyamba ndi kutseka masamba akale mu `robots.txt`. Mukatero Google silowanso m'masambawo, ndiye singaone kanonikolo kapena 301 imene mwaika, ndipo malinki 4 aja amatsala atatsekeredwa panja. Adilesiyo ikhozanso kumaonekabe m'zotsatira, yopanda mawu ofotokoza. Achiwiri ndi `noindex`. Imachotsadi tsamba m'zotsatira, koma sinena kuti ulemu wake upite kuti. Kuika `noindex` pamodzi ndi kanonikolo ndi kulankhula pawiri: uku mukuti tsambali ndi lofanana ndi lija, uku mukuti lichotseni.

Cholakwa choopsa kuposa zonse chimabwera ndi kukopera. Wina amalemba tagi pamanja mu `header.php` ndi adilesi ya tsamba loyamba la webusaiti, osazindikira kuti fayiloyo imalowa pa tsamba lililonse. Zikatero webusaiti yonse ikunena kuti ndi kope la tsamba loyamba. Mwamwayi Google kawirikawiri imakana bodza loonekeratu chotero, koma ikakhulupirira, masamba amayamba kusowa limodzilimodzi. Chofanana nacho ndi webusaiti yomangidwira pa adilesi yoyesera, n'kusamutsidwa matagi akulozabe kumeneko.

Adilesi ya m'tagi ilembedwe yonse, kuyambira `https://`. Mukalemba `example.com/tsamba/` popanda chiyambicho, imawerengedwa ngati njira ya m'kati mwa foda imene muli, n'kuloza kumalo kosakhalako. Iloze tsamba loyankha `200`, osati lotumizidwa kwina kapena lofufutidwa. Ndipo ikhale m'kati mwa `<head>`. Ya mu `<body>` siwerengedwa, ndipo nthawi zina imagweramo mwangozi: chinthu chosaloledwa mu `<head>`, monga `<img>` kapena `<iframe>`, chimachititsa kuti chigawocho chitsekedwe msanga, zonse za pansi pake n'kuwerengedwa ngati za m'thupi.

## Chichewa ndi Chingerezi si makope

Gulu lija linalinso ndi tsamba la mitengo la Chingerezi, lolembera mahotela ndi masitolo a ku Lilongwe. Chiyeso chimakhala choloza la Chichewa ku la Chingerezi ngati kanonikolo, poti mitengo ndi yomweyo. Kumeneko ndi kupempha Google kuti ibise tsamba la Chichewa. Lomasuliridwa silitengedwa ngati kope. Lililonse lidzitchule lokha, ndipo ubale wawo unenedwe ndi `hreflang`, mizere yomweyi pa masamba onse awiri:

```html
<link rel="alternate" hreflang="ny" href="https://example.com/mitengo-ya-kachewere/">
<link rel="alternate" hreflang="en" href="https://example.com/en/potato-prices/">
```

Koma samalani ndi kumasulira kwa theka. Ngati mwamasulira menyu yokha, nkhani yeniyeni n'kukhalabe ya Chingerezi pa masamba onse awiri, pamenepo Google imawaonadi ngati makope ndipo idzasankha limodzi.

Nawonso masamba a mndandanda wa nkhani, `/page/2/` ndi `/page/3/`, si makope a tsamba loyamba, chifukwa lililonse lili ndi nkhani zina. Asaloze ku loyamba. Angopatsidwa nambala m'mutu kuti asafanane.

## Msampha umene watsala

Lamulo la `RedirectMatch` lija limagwira adilesi iliyonse yothera ndi nambala. Tsiku lina wina akadzalemba nkhani yabwino pa `/mitengo-ya-kachewere-2026/`, nayonso idzatumizidwa ku tsamba lokhazikika, ndipo adzazunguzika kufufuza chifukwa chake nkhani yake sikutseguka. Amene akuopa zimenezi achepetse lamulolo kuti ligwire manambala 2 mpaka 14 okha, polemba `([2-9]|1[0-4])` m'malo mwa `[0-9]+`.

Ngakhale mutatero, `-2` ali m'gulu lotumizidwa. Mlembi wa gulu akadzafika pa 1 mwezi wamawa n'kutsegula nkhani yatsopano ndi mutu wakale uja monga anazolowera, WordPress idzaipatsa `-2`, popeza nambalayo yamasuka. Seva idzatumiza aliyense ku tsamba lokhazikika, limene likadali ndi mtengo wa mwezi watha. Iye adzaona `Published`, n'kutseka laputopu, n'kukwera njinga kubwerera kumunda. N'chifukwa chake papepala limene lamatidwa pa laputopu ya gululo palembedwa zinthu zitatu: tsegulani tsamba la mitengo ndi `Edit`, tsitsirani mtengo wakale m'tebulo, sinthani tsiku.